Nyimbo ili m'kanemayu ndi ya ndani?

Makanema afupiafupi amene timatumizirana pa WhatsApp, kapena amene timaonera pa TikTok ndi pa Facebook, kawirikawiri amabwera ndi nyimbo yopanda dzina. Akwati akulowa mu holo, mayi wina akuphika, galimoto ikutsetsereka kulowera kunyanja, ndipo chapansipansi pakumveka nyimbo yogwira mtima. Kanema akatha nyimbo ija imatsalira m'mutu. Woyimba simukumudziwa, mutu wake simukuudziwa, ndipo amene wakutumizirani nayenso anangolandira kwa wina.

Anthu ambiri a mafoni amakono amadziwa kale kuti pali pulogalamu yotchedwa Shazam imene imamvera nyimbo n'kutchula dzina lake. Ikayankha timakondwa, ikakanika timangoti basi yakanika n'kuzisiya. Koma kukanika kwake kumakhala ndi chifukwa, ndipo zifukwa zake n'zochepa. Zonse zimachokera pa mfundo imodzi imene ndikufuna tiimvetse bwino: foni sidziwa nyimbo monga mmene inu ndi ine timaidziwira. Chimene imadziwa ndi nyimbo yojambulidwa, ndiye kuti kujambula kumodzi kumene kunachitika mu situdiyo inayake pa tsiku linalake. Munthu akamvetsa zimenezi amadziwa chochita foni ikakhala chete, komanso amadziwa nthawi yokayikira yankho lake.

Zimene foni imamva

Shazam inayamba kugwira ntchito ku Britain mu 2002, mafoni asanakhale ndi intaneti monga lero. Munthu ankaimba nambala ya 2580, n'kulozetsa foni kumene kukuchokera nyimbo. Pakatha masekondi 30 foni inkaduka yokha, kenako pankabwera uthenga wotchula mutu wa nyimbo ndi woyimba. Njira yozindikirira nyimboyo anaikonza ndi Avery Wang, mmodzi mwa anthu anayi amene anayambitsa kampaniyi, ndipo anaifotokoza poyera mu 2003. Kampani ya Apple inagula Shazam mu 2018, koma maziko a njira ija ndi omwe aja.

Nyimbo iliyonse ili ndi mawu okwera ndi otsika amene akumveka pa nthawi imodzi: besi pansi, mawu a woyimba pakati, timbale ta ng'oma pamwamba. Pulogalamu imajambula zonsezi ngati chithunzi. Kuchokera kumanzere kupita kumanja ndi nthawi, kuchokera pansi kupita pamwamba ndi kukwera kwa mawu. Pa chithunzi chimenechi imataya pafupifupi zonse, n'kusunga malo okhawo amene mawu amveka mwamphamvu kuposa oyandikana nawo. Chotsala ndi timadontho tomwazikana.

Kadontho kamodzi pakokha sikanena kanthu, chifukwa nyimbo zambirimbiri zili ndi mawu okwera chimodzimodzi. Choncho pulogalamu imalumikiza timadontho tiwiritiwiri, n'kulemba zinthu zitatu: kukwera kwa koyamba, kukwera kwa kachiwiri, ndi nthawi imene yadutsa pakati pa tiwirito. Mapeyala otere amatuluka ochuluka kwambiri m'masekondi ochepa chabe, ndipo onse pamodzi ali ngati chidindo cha chala: nyimbo yojambulidwa iliyonse ili ndi chake. Chimene foni imatumiza pa intaneti ndi chidindocho, osati mawu enieniwo, n'chifukwa chake sichidya deta yambiri. Ngati netiweki palibe, Shazam imasunga chidindo n'kudzafufuza netiweki ikabwera.

Kumalo osungira zidindo kuja, mapeyala anu amafanana mwangozi ndi a nyimbo zambiri. Chimene chimasiyanitsa nyimbo yeniyeni ndi dongosolo la nthawi. Tinene kuti kachidutswa kanu kayambira pa sekondi ya 60 ya nyimbo. Peyala imene yamveka pa sekondi yachiwiri ya kachidutswako iyenera kupezeka pa sekondi ya 62, ndipo ya pa sekondi yachisanu ipezeke pa 65. Mapeyala ambiri akagwirizana pa kusiyana komweko kwa masekondi 60, ndiye kuti nyimbo yapezeka. Wang analemba kuti pa kachidutswa ka masekondi 15 kodzaza ndi phokoso, peyala imodzi kapena ziwiri pa 100 zilizonse zikapulumuka zimakwanira.

Apa ndi pamene pali mphamvu ya njirayi, komanso malire ake. Phokoso imalipirira modabwitsa, chifukwa ngakhale anthu akulankhula, timadontho tina tamphamvu timatsalabe m'malo mwake. Koma chilichonse chosuntha timadonthoto chimafufuta chidindo. Woyimba yemweyo akaimba nyimbo yomweyo pa siteji, amachedwako pang'ono apa, amafulumirako apo, ndipo kwa foni imeneyo ndi nyimbo ina. Wang ananenanso kuti pulogalamu ikazindikira nyimbo pa dansi imene woyimba akuoneka ngati akuimba pompo, n'kutheka kwambiri kuti zimene zikumvekazo n'zojambulidwa kale ndipo woyimbayo akungotsatira ndi milomo.

Tiyese ndi kanema mmodzi

Tiyerekeze kuti mwalandira kanema wa masekondi 40 wojambulidwa pa ukwati. M'masekondi 10 oyamba mkulu woyendetsa mwambo akulankhula pa chimkuzamawu. Kuyambira pamenepo mpaka sekondi ya 24 watonthola, akwati akuvina ndipo nyimbo ikumveka bwino. Kenako amayi ayamba nthungululu, ndipo chakumapeto DJ walowetsa nyimbo ina pamwamba pa yoyamba ija.

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, yang'anani kumene kanemayo wachokera. Ngati pakona pali chizindikiro cha TikTok ndi dzina la amene anamuika, pitani mukamupeze komweko, chifukwa m'munsi mwa kanema mumalembedwa dzina la nyimbo imene yagwiritsidwa ntchito. Pa YouTube, tsegulani mawu ofotokoza kanema n'kutsika mpaka pansi. Nthawi zambiri nyimbo imene makina a YouTube aizindikira imalembedwa pamenepo. Chenjezo ndi lakuti mukaona mawu akuti "original sound" pa TikTok kapena "Original audio" pa Instagram, dzina limene lili pambali pake ndi la munthu amene anaika kanemayo, osati la woyimba. Ambiri amasokonezeka pamenepa n'kuyamba kufufuza munthu amene sanaimbepo nyimbo chibadwire. Komabe dinani pa mawuwo: mudzaona makanema ena amene agwiritsa ntchito nyimbo yomweyo, ndipo mwa iwo mungapezeke wautali kapena womveka bwino kuposa wanu.

Kanema wathu wa ukwati alibe chizindikiro chilichonse, ndiye tiyenera kumvetsera. Funso loyamba ndi lakuti: kodi nyimboyi ikuchokera m'masipikala a DJ, kapena pali bandi imene ikuimba? Ngati ndi DJ, mwayi ulipo, chifukwa akuseweretsa nyimbo yojambulidwa.

Cholakwa chofala ndi kuyambitsa kanema pachiyambi n'kudina Shazam nthawi yomweyo. Pulogalamu imamvera kwa masekondi owerengeka chabe, ndipo onsewo athera pa mkulu wolankhula uja. Sunthani kanema afike pa sekondi ya 10, pamene watonthola, kenako mudine. Muli ndi masekondi 14 abwino, ndipo amenewa ndi okwanira. Chigawo chomaliza, pamene nyimbo ziwiri zasakanikirana, muchiyese pachokha. Chingakupatseni nyimbo yachiwiri ija, ndipo musadabwe nazo.

Njira yosavuta ndi ya mafoni awiri: ina ikuseweretsa kanema, ina ikumvera, m'chipinda chopanda wailesi kapena anthu ocheza. Musakweze voliyumu mpaka kumapeto, chifukwa kasipikala ka foni kakayamba kunjenjemera kamawonjezera phokoso lake. Ngati muli ndi foni imodzi, n'zothekabe. Pa Android, Shazam ili ndi kabatani koyandama kotchedwa Pop-Up Shazam kamene mumakayatsa mu Settings, ndipo kamamvera zimene zikuseweredwa m'foni momwemo. Pa iPhone, batani la Shazam limaikidwa mu Control Center. Njira imeneyi imaposa ya mafoni awiri chifukwa mawu sadutsanso mumpweya.

Yankho likabwera, musalikhulupirire msanga. Tsegulani nyimbo imene mwauzidwayo, muimvere mpaka mupeze malo enieni amene akumveka m'kanema. Kenako yesaninso kachiwiri, kuyambira pa sekondi ina, monga ya 15. Mayankho awiri akafanana, mwapeza. Akasiyana, ndiye kuti pali chifukwa. Mwina oyimba awiri anagwiritsa ntchito biti imodzi yogula kwa munthu mmodzi, ndipo chigawo chimene mwamveretsa chilibe mawu a woyimba. Mwina nyimbo yatsopano inabwereka kachigawo ka nyimbo yakale. Zimachitikanso kuti munthu wina anatenga nyimbo ya mwini wake n'kuilembetsa m'dzina lake, ndipo pulogalamu imangobwereza zimene inauzidwa. Dzina lachilendo, la munthu wokhala ndi nyimbo imodzi yokha, chikhala mawu amene mukumva ndi a woyimba wokhwima, n'chizindikiro choti mufufuzenso. Pa zonsezi, sankhani chigawo chimene woyimba akutulutsa mawu, chifukwa ndi chimene sichingafanane ndi cha wina.

Nyimbo yothamangitsidwa

Vuto limene lafala m'zaka zaposachedwa ndi la nyimbo zosinthidwa liwiro. Pa TikTok anthu amakonda kuthamangitsa nyimbo kuti igwirizane ndi kavinidwe, ndipo ena amaichedwetsa n'kuwonjezera kamkokomo. Mukazindikira ndi khutu: nyimbo yothamangitsidwa imachititsa munthu wamkulu kumveka ngati kamwana, ndipo ng'oma zimathamanga mosayenera. Yochedwetsedwa imalemera, mawu a mkazi n'kumveka ngati a mwamuna.

Taganizirani zimene zachitikira timadontho tija. Nyimbo ikathamangitsidwa, kadontho kalikonse kakwera m'mwamba, ndipo mpata wa pakati pa tiwiri wafupika. Zinthu zitatu zonse zimene zinalembedwa pa peyala iliyonse zasintha. Kusintha kwakung'ono pulogalamu ikhoza kukupirira, koma kwakukulu ayi, pokhapokha ngati nyimbo yothamangitsidwayo inalembetsedwanso payokha, monga mmene oyimba ena otchuka akuchitira masiku ano.

Mankhwala ake ndi kubwezera liwiro pamene linali. Pa kompyuta, pulogalamu yaulere ya Audacity ili ndi chida chotchedwa Change Speed, chimene m'mitundu yatsopano chikulembedwa kuti Change Speed and Pitch. Chimatsitsa liwiro ndi kukwera kwa mawu pamodzi, ndipo zimenezi ndi zimene mukufuna. Masamu ake ndi osavuta: ngati nyimbo inathamangitsidwa ka 1.25, muichulukitse ka 0.8 kuti ibwerere, chifukwa 1.25 kuchulukitsa ndi 0.8 ndi 1. Popeza simudziwa kuti anaithamangitsa motani, yambani pa 0.9, kenako 0.85, kenako 0.8, mukumvetsera pamene mawu a woyimba ayamba kumveka ngati a munthu weniweni. Mukafika pamenepo, yesani Shazam, n'kumasuntha pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Dziwani kuti batani lochepetsa liwiro la pa YouTube silithandiza pa ntchitoyi. Limachedwetsa nyimbo koma mawu amakhalabe okwera monga analili, choncho mwakonza theka lokha la vuto.

Pamene nyimbo ndi yomweyo koma oyimba ndi ena

Tibwerere ku ukwati uja, koma tsopano tinene kuti ikuimba ndi bandi, kapena kwaya ya mpingo. Apa Shazam ilibe chochita ngakhale nyimboyo itakhala yodziwika dziko lonse. Chitsanzo chapafupi ndi "Linny Hoo" ya Giddes Chalamanda. Agide anaiimba kwa zaka zambiri, kenako mu 2020 anaiimbanso ndi Patience Namadingo, ndipo kachigawo ka kujambula kumeneku kanafalikira pa TikTok mpaka kumayiko akutali. Kwa ife imeneyi ndi nyimbo imodzi. Kwa pulogalamu ya zidindo, kujambula kwakale, kujambula kwa 2020, ndi kanema wa mnyamata amene akuiimba ndi gitala pakhonde, ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo ingazindikire chokhacho chimene chinalembetsedwa.

Zikatere pamafunika chida chomvera kayendedwe ka nyimbo, kukwera ndi kutsika kwake, posaganizira kuti akuimba ndi ndani. Google inabweretsa chida chotere mu Okutobala 2020. Mumatsegula pulogalamu ya Google, n'kudina kachithunzi ka maikolofoni, kenako Search a song, n'kung'ung'udza kapena kuliza likhweru kwa masekondi 10 mpaka 15. Pulogalamu ya SoundHound nayo imalola kung'ung'udza. Google siikupatsani yankho limodzi, imakupatsani angapo, lililonse ndi peresenti yosonyeza kufanana kwake, ndipo zili kwa inu kumvera lililonse. Langizo langa ndi lakuti ngati kanema ali ndi phokoso, musamveretse kanemayo. Mverani kangapo mpaka nyimbo ikhazikike m'mutu, kenako muing'ung'udze nokha, makamaka kolasi, pamalo abata. Liwu limodzi loyera limaposa bandi yonse yomveka chapatali.

Mawu a m'nyimbo nawo ndi chida champhamvu, koma pa nyimbo za Chichewa amafuna nzeru. Lembani mawu anayi kapena asanu otsatizana, muwatsekere m'zizindikiro za mawu ogwidwa, n'kufufuza pa Google ndi pa YouTube. Musasankhe mawu amene ali m'nyimbo iliyonse, monga a chikondi, mtima kapena misozi. Sankhani achilendo: dzina la munthu, la mudzi, la msika. Kumbukiraninso kuti timalemba mosiyanasiyana. Wina amalemba "mau", wina "mawu". Wina amaika l pamene wina amaika r. Wina amalumikiza mawu amene wina amawalekanitsa. Ngati kalembedwe kamodzi sikanatulutse kanthu, yesani kena musanataye mtima.

Nyimbo zopanda mawu zimene zimamveka pansi pa makanema a zophikaphika, a maulendo kapena otsatsa malonda nthawi zambiri si za oyimba a pa wailesi. Zimachokera ku makampani obwereketsa nyimbo kwa opanga makanema, monga Epidemic Sound ya ku Sweden, kapena ku nkhokwe yaulere ya YouTube Audio Library. Zambiri Shazam imazidziwa, koma njira yachidule ndi kuwerenga mawu ofotokoza kanema, kumene wopanga amakonda kulemba kumene anaitenga.

Nyimbo imene kulibe m'nkhokwe

Pali malire amene palibe luso lingawadumphe. Pulogalamu imafananiza chidindo chanu ndi zidindo zimene ili nazo. Ngati nyimbo sinalowetsedwemo, mungayeretse mawu mpaka kuwala, yankho silibwera. Mungazindikire vutoli motere: kanema akumveka bwino, liwiro ndi lachibadwa, n'zoonekeratu kuti ndi nyimbo ya mu situdiyo, mwayesa zigawo zitatu zosiyana ndi mapulogalamu awiri, koma palibe yankho, kapena nthawi iliyonse likubwera lina.

Kuno kwathu zimenezi si zachilendo, ndipo zimandipweteka mtima. Nyimbo imalowa m'nkhokwezi kudzera mwa makampani a nyimbo ndi ofalitsa a pa intaneti amene amaitumiza ku Apple Music ndi malo ena otere. Nyimbo zambiri za oyimba athu akale zinajambulidwa m'masitudiyo a wailesi ya MBC kapena zinatuluka pa makaseti okha. Makwaya ambiri amajambula n'kumagawa nyimbo zawo pa memore khadi ndi pa WhatsApp. Nyimbo zoterezi zikhoza kudziwika m'boma lonse koma foni osazidziwa n'komwe.

Si vuto la kuno kokha. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, mnyamata wina ku Germany anajambula pa kaseti nyimbo imene inkaseweredwa pa wailesi ya NDR, koma sanadziwe mutu wake. Kachidutswa kake kanaikidwa pa intaneti mu 2007, ndipo anthu a m'mayiko ambiri anaifunafuna kwa zaka 17 popanda pulogalamu iliyonse yoizindikira. Inapezeka mu Novembala 2024, pamene munthu wina amene ankafufuza mabandi a nthawi imeneyo anawerenga nyuzipepala yakale, n'kupeza mmodzi mwa oyimba, amene anamutumizira nyimbo zawo zakale. Inali "Subways of Your Mind" ya bandi ya FEX ya mumzinda wa Kiel. Bandiyo sinatchuke, ndipo nyimbo yake inalibe chidindo kulikonse.

Zikafika apa, kanemayo mumuwerenge ngati umboni. Chiyankhulo ndi katchulidwe ka woyimba zimaloza dera. Kalizidwe ka gitala kapena ka kiyibodi kamaloza zaka. Yunifolomu ya kwaya, chikwangwani chapakhoma, kapena dzina limene woyimba kapena wojambula nyimbo amalitchula koyambirira, zonsezi n'zothandiza. Kenako funsani anthu oyenera: ma DJ a m'maukwati, owulutsa mapulogalamu a nyimbo zakale pa wailesi, anyamata oika nyimbo m'mamemore khadi kumsika, otsogolera makwaya, ndi akuluakulu a pakhomo panu. Pofunsa, tumizani kanema yense monga munamulandirira, osati mawu amene mwajambulanso ndi foni ina. Nenani sekondi imene nyimbo ikumveka bwino, mawu amene mwawamva, kumene kanemayo wachokera, ndi mayankho amene mwawayesa kale n'kuwapeza kuti ndi olakwika. Funso lotere munthu wodziwa amaliyankha msanga.

Dzina likapezeka, lilembeni pamene mukutumiza kanemayo kwa ena, kuti wotsatira asavutikenso ndipo mwini nyimbo adziwike. Koma kudziwa dzina si chilolezo choika nyimboyo m'kanema wanu wamalonda. Chilolezo chimachokera kwa mwini wake, ndipo kuno ku Malawi bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi COSOMA.

Kwa inu oyimba, makwaya, ndi mabanja amene mukusunga makaseti a makolo anu amene anali oyimba: yesani nyimbo zanu pa Shazam lero. Ngati foni sikuzidziwa, kapena ikutchula dzina la munthu wina, pezani wofalitsa nyimbo pa intaneti kuti azilembetse m'dzina lenileni la mwini wake.